Malangizo: Kuwerenga Chithunzi cha Nthambo za Sola ya Panyumba

Malaiti a ZESCO atayamba kuzima maola ambiri mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, nyumba zambiri mu Lusaka zinaika mapanelo pamtenje. Woika sola akamaliza ntchito ayenera kukusiyirani chithunzi choonetsa mmene nthambo zayendera. Ngati sanakupatseni, mufunseni, chifukwa tsiku limene invata idzakana kulandira magetsi a dzuwa, pepalalo ndilo lidzauza wokonza poyambira.

Panelo iliyonse ili ndi nthambo ziwiri kumbuyo, ya pulasi ndi ya mainasi. Mukaona pachithunzi pulasi ya panelo yoyamba ikulowa mu mainasi ya yachiwiri, pulasi ya yachiwiri mu mainasi ya yachitatu, mpaka kumapeto, mapanelowo alumikizidwa mondondozana. Amisiri amati siliizi, ndipo gulu lonselo ndi mzere umodzi. Mu siliizi mavoti amawonkhetsana, maampu amakhala a panelo imodzi. Mukaona mapulasi onse akumana pamodzi, mamainasinso pamodzi, imeneyo ndi palalelo, ndipo zimatembenuka: maampu amawonkhetsana, mavoti sasintha. Zithunzi zina zimangolemba mwachidule. 6S1P ndi mapanelo 6 mu mzere umodzi, 2S3P ndi mizere itatu ya mapanelo awiriawiri yokumanitsidwa palalelo. Mawati onse ndi amodzimodzi munjira zonsezi. Chosankhitsa njira ndi makina amene nthambozo zikukalowa.

Tiyeni titenge nyumba ya ku Chelstone yokhala ndi mapanelo 6 a mawati 550 iliyonse. Pachikwangwani chomatidwa kumbuyo kwa panelo palembedwa chonchi:

```
Voc 49.6 V   Vmp 41.7 V
Isc 14.0 A   Imp 13.2 A
```

Voc ndi mavoti a panelo pamene ili padzuwa koma palibe chimene chikukoka magetsi. Vmp ndi mavoti pamene ikugwira ntchito bwino. Imp ndi maampu pa nthawi yomweyo, ndipo Isc ndi maampu amene imatulutsa pakachitika shoti. Tinene kuti invata ya nyumbayi, ya mabatire a mavoti 48, yalembedwa kuti PV, kutanthauza magetsi ochokera ku mapanelo, isapitirire mavoti 500 ndi maampu 18, ndipo MPPT yake, gawo limene limakoka magetsi ku mapanelo, imagwira ntchito kuyambira mavoti 120 kufika 450. Manambala a invata yanu angasiyane ndi awa, choncho muwerenge apambali pa invata yanuyo.

Mapanelo onse 6 mu mzere umodzi amapereka 6 × 49.6 = 297.6 V. Musaimire pamenepa. Manambala a pachikwangwani anapimidwa panelo ili pa madigiri 25, koma panelo ikazizira mavoti ake amakwera, pafupifupi 0.28 peresenti pa digiri iliyonse. Mmawa wa mu Juni ndi Julayi kuno ku Lusaka kumazizira ndithu, ndipo dzuwa limafika pamapanelo asanatenthe. Werengerani madigiri 5. Kusiyana kwa madigiri 20 kumawonjezera 5.6 peresenti, mzere wonse ukufika mavoti 314. Malire ndi 500, ndiye palibe vuto, ndipo maampu 13.2 ali pansi pa 18. Kwa invata imeneyi, mzere umodzi ndiwo woyenera.

Bwanji osawagawa mizere iwiri ya atatuatatu? Ambiri amaganiza kuti mavoti ochepa ndi otetezeka, koma pano zingakuvuteni. Mzere wa atatu umagwira ntchito pa mavoti 125, pamwamba pang'ono pa 120. Masana a mu Okutobala panelo yogona pamalata imatha kutentha kufika madigiri 65, mavoti n'kutsika kufika pafupifupi 110. Invata imasiya kulandira magetsi a dzuwa pa nthawi yeniyeni imene dzuwa laswa mtengo. Komanso mizere iwiriyo ikupereka maampu 26, pamene invata imalandira 18 okha. Chizindikiro chake n'chakuti mmawa batire imatchajika bwino, koma masana manambala a PV pagalasi la invata amagwa kapena kumangozimazima.

Tsopano mapanelo omwewo, koma m'nyumba muli kontolola yapadera yotchajira mabatire, yolembedwa kuti isapitirire mavoti 150. Apa m'pamene makontolola ambiri amapsera. Atatu mu mzere ndi 148.8, ndipo munthu amaona ngati zakwana. Mmawa wozizira uja zimafika 157, kupyola malire. Kontolola imatha kugwira ntchito bwinobwino nyengo yonse ya mvula, n'kudzawonongeka mu Juni, mwini wake n'kumati anamugulitsa chinthu chabodza. Njira yoyenera ndi 2S3P, imene imafika mavoti 105 ngakhale kukazizira.

Palaleloyi ili ndi zofuna zake. Mizere itatu ikakumana, nthambo yotsika kuchokera pamtenje imanyamula maampu pafupifupi 40. Kutentha kwa nthambo kumakwera msanga kuposa maampu: maampu akachuluka katatu, nthambo yomweyo imatentha kasanu ndi kanayi. Nthambo ya sola ya 4 mm² imene inali yokwanira pa mzere umodzi apa siikwana, muyenera yonenepa, makamaka ngati kontolola ili kutali. Chachiwiri, mzere uliwonse ufunika fyuzi yake. Mzere umodzi ukachita shoti, iwiri inayo imakankhira maampu ake 28 kulowa mu wowonongekawo, pamene panelo yotere nthawi zambiri yalembedwa Maximum Series Fuse Rating 25 A, kutanthauza kuti fyuzi yake isapitirire maampu 25. Pachithunzi, fufuzani mafyuzi m'bokosi lokumaniramo mizere. Akhale a DC, asapitirire nambala ya pachikwangwaniyo. Mizere yokumana palalelo ikhale ndi mapanelo ofanana mtundu ndi chiwerengero. Musakumanitse mzere wa awiri ndi wa atatu.

Za mthunzi nazo n'zofunika kuziona musanakhome zitsulo. Mu siliizi magetsi amadutsa panelo iliyonse, choncho mthunzi wa thanki ya madzi kapena wa mtengo wa mango pa panelo imodzi umavutitsa mzere wonse. Mapanelo amakono ali ndi madayodi, kawirikawiri atatu, olambalalitsa magetsi pagawo lophimbika, ndipo zimenezi zimachepetsa vutolo koma sizilithetsa. Mu palalelo mzere wophimbika umafooka wokha. Komabe musasinthe kalumikizidwe chifukwa cha mthunzi ngati mavoti sakulola. Sadzani nthambi kapena sunthani panelo. Mapanelo a mzere umodzi ayang'ane mbali imodzi, kuno kwathu kumpoto.

Musanalowetse nthambo ku invata, pimani mzere uliwonse paokha ndi mita yoikidwa pa DC, yolembedwa kuti imapirira mavoti 600 kapena 1000. Masana otentha panelo yathu ija imaonetsa pafupifupi mavoti 45, ndiye mzere wa 6 uonetse pafupifupi 270. Mukaona 225, panelo imodzi yadumphidwa. Mukaona 180, imodzi yalumikizidwa chotembenuza ndipo ikulimbana ndi inzake. Ziro akutanthauza kuti penapake sipanalumikizike, nthawi zambiri pa zolumikizira za MC4 zosalowa mpaka kulira kuti ke! Chizindikiro cha mainasi kutsogolo kwa nambala chikusonyeza kuti nthambo za PV+ ndi PV- zasinthana, ndipo muyenera kukonza musanayatse chilichonse.

Mavoti 300 a DC amapha, ndipo mapanelo sazima dzuwa likadali kunja. Musazule MC4 magetsi akuyenda, chifukwa moto wa DC ukalumpha suzima msanga ndipo umasungunula pulasitiki. Yambani mwazimitsa switchi ya mapanelo imene ili pafupi ndi invata, onani kuti maampu a PV afika pa ziro, kenako muzule. Ntchito ya pamtenje ndi ya m'bokosi la mafyuzi ipatseni mmisiri wamagetsi wophunzira, ndipo akasintha kalumikizidwe kalikonse ajambulenso chithunzicho ndi kulembapo mavoti amene wapima pa mzere uliwonse.