Malangizo kwa aphunzitsi pochonga galafu yojambula pamanja

Aphunzitsi ambiri a masamu akalandira galafu ya wophunzira, maso awo amathamangira pa mzere wokhota, ndipo ukaoneka wokongola amapereka malikisi onse, ukaoneka wonyansa amadula ntchito yonse. Kachongedwe kotere kamalakwira ana. Galafu iyenera kuchongedwa motsata ndondomeko imene mwana anaijambulira, kuyambira mizere ya x ndi y, kenako sikelo, madontho, ndipo mzere wokhota ubwere pomaliza, gawo lililonse ndi malikisi ake amene mwawalemba musanatsegule kope loyamba.

Tiyerekeze kuti munapereka y = x² − x − 2, kuyambira x = −2 kufika x = 3, ndipo munalamula kuti masentimita 2 aimire 1 pa mizere yonse iwiri. Konzani kaye tebulo lanu: y ayenera kutuluka 4, 0, −2, −2, 0 ndi 4. Jambulaninso galafu yanu papepala lofanana ndi la ana kuti muzifanizira.

Pa mizere iwiri ija sipofunika kutayapo nthawi. Onani kuti wogona walembedwa x, woimirira walembedwa y, ndipo akumana pa ziro.

Sikelo ndiyo imafuna diso lodekha. Papepala la galafu limene bokosi lalikulu ndi masentimita 2 ndipo lagawidwa patimabokosi khumi, kabokosi kamodzi kaimira 0.1 pa sikelo yathuyi. Yendani ndi chala kuchokera pa ziro kupita mbali zonse, chifukwa ana ambiri amalemba bwino manambala a kumanja ndi kumwamba koma amawapanikiza kumanzere ndi kumunsi pepala likawachepera. Ena amangokopera manambala a m'tebulo, n'kuika −2, 0 ndi 4 motalikirana mofanana, ndipo pamenepo palibe sikelo konse, kotero malikisi a madontho nawonso sangaperekedwe. Koma mwana amene wagwiritsa ntchito sikelo ina, monga sentimita imodzi kuimira 1, naisunga mosasintha, ataye malikisi a sikelo okha, ndipo madontho ake muwawerenge pa sikelo yakeyo. Ine ndimaumirira kwambiri pamenepa, chifukwa kulanga cholakwa chimodzi katatu kumabisa zimene mwanayo akudziwa.

Dontho lililonse liwerengeni palokha, ndipo mulivomereze ngati silinaphonye malo ake kuposa theka la kabokosi, lomwe ndi milimita imodzi. Dontho lonenepa lodzaza kabokosi konse siliwerengeka, n'chifukwa chake ana azolowere pensulo yosongoka ndi kamtanda kakang'ono. Madontho akumanzere akagwera pansi, bwererani ku tebulo musanadule. Kawirikawiri mwana amatenga (−2)² ngati −4, ndipo amapeza y = −4 pa x = −2, ndi y = −2 pa x = −1. Ameneyu walakwa powerengera, ndipo ataye malikisi a tebulo, koma ngati waika (−2, −4) pamalo pake penipeni, luso loika madontho ali nalo ndipo malikisi ake alandire.

Tsopano mzere wokhota. Uyenera kukhala umodzi, wosalala, wojambulidwa ndi dzanja popanda rula, wodutsa pa madontho onse asanu ndi limodzi, osati timizere tambirimbiri tobwerezabwereza ngati nthenga za nkhuku. Malo oyenera kuyang'anitsitsa pa chitsanzo chathu ndi pakati pa x = 0 ndi x = 1, pamene y ndi −2 mbali zonse. Ana ambiri amalumikiza madontho awiriwa ndi mzere wogona, galafu n'kukhala yaphwatalala pansi, koma tikawerengera pa x = 0.5 tipeza y = −2.25, kutanthauza kuti mzerewo uyenera kutsika timabokosi tiwiri ndi theka kunsi kwa −2, n'kukhota mozungulira, osasongoka. Galafu yaphwatalala kapena yosongoka pansi isalandire malikisi a maonekedwe ngakhale madontho onse ali olondola. Onaninso ngati mbali ziwirizo zikufanana poyeza kuchokera pa x = 0.5, komanso ngati nsonga zake zikupitiriza kutambasuka m'malo mopindikira mkati.

Mwana wa tebulo lolakwika uja sangapatsidwe malikisi a mzere wokhota, pakuti madontho ake sangatulutse maonekedwe a palabola, ndipo anayenera kudabwa ataona y = −2 katatu motsatizana. Mulembereni pambali kuti awerengerenso y pa x = −2 ndi x = −1, ndipo muzungulize madontho awiriwo ndi cholembera chofiira m'malo modula tsamba lonse.