Kuphimba nambala za galimoto mu vidiyo ndi Kdenlive

Ndinajambula vidiyo m'mphepete mwa msewu ndipo ndinafunika kuphimba nambala za galimoto zodutsa ndisanaifalitse. Ndinayamba ndi kuika chophimba pamalo amodzi, koma galimoto ikasuntha, nambala inkatuluka kunja kwake n'kumawerengeka bwinobwino. Kuchisuntha ndi dzanja kunachedwetsa ntchito.

Chomwe chinathandiza ndi `Motion Tracker`, chida chotsatira chinthu chimene chikuyenda mu vidiyo, cha mu Kdenlive, pulogalamu yaulere yokonzera mavidiyo. Choyamba ndinaduladula vidiyoyo kuti galimoto iliyonse ikhale ndi chidutswa chake, kuyambira pamene nambala yayamba kuoneka mpaka pamene yabisika. Apa ndi pamene panagona nkhani, chifukwa nambala ikabisika kuseri kwa munthu, pulogalamuyo imaitaya n'kuyamba kutsatira chinthu china. Kenako ndinajambula bokosi lokulirapo kuposa nambalayo, ndinasankha njira yotsatirira ya `CSRT`, yomwe imachedwa koma siphonya kawirikawiri, n'kudina `Analyse`.

Pophimba ndinasankha bokosi losaonekera mkati m'malo mwa kungochititsa chimbuuzi, popeza chimbuuzi chochepa chimasiya maonekedwe a zilembo. Nditatulutsa vidiyoyo, ndinaionanso chithunzi chimodzichimodzi pamene nambala ikulowa ndi pamene ikutuluka, ndipo pamene bokosi linatsalira ndinalisuntha ndi dzanja.