Lekani kutokosa m'khutu: kamtengo ka thonje kamakankhira phula kumene silingatulukenso lokha

Anthu ambiri akatuluka kosamba amatenga kamtengo ka thonje n'kukalowetsa m'khutu. Akaona kuti thonje lija latuluka lachikasu amasangalala kuti khutu layera. Ena amatokosa ndi kamtengo ka machesi, pini, kiyi kapena chivundikiro cha cholembera. Ndikupemphani kuti chizolowezi chimenechi muchisiye, ndipo chifukwa chake chimveka bwino tikayamba taona mmene khutu lilili mkati.

Njira ya m'khutu mwa munthu wamkulu ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 2.5 basi. Kumapeto kwake kuli mwinikhutu, kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kamanjenjemera mawu akafika. Njirayi ili ndi mbali ziwiri. Mbali yakunja, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ili ndi ticheya ndiponso timabowo totulutsa mafuta, ndipo phula la m'khutu limapangidwa pamenepa pokha. Mbali yamkati ilibe zimenezi. Kumeneko khungu ndi lopyapyala ndipo lagona pafupa penipeni, n'chifukwa chake kukhudzako pang'ono kumapweteka kwambiri.

Phula lija si uve ayi. Limakola fumbi ndi tizirombo ting'onoting'ono tisanafike mkati, limateteza khungu kuti lisanyowe ndi madzi kapena kuuma mpaka kung'aluka, komanso lili ndi asidi pang'ono amene amalepheretsa majeremusi kuswana. Ndipo khutu lili ndi njira yake yolichotsera. Khungu la m'khutu limakula moyenda, kuchokera pa mwinikhutu kulowera kunja, pang'onopang'ono mofanana ndi liwiro limene chikhadabo chimakulira. Pamene mukutafuna kapena kuyankhula, nsagwada zimagwedeza njirayo ndipo phula lakale limasuntha mpaka kufika pakhomo, n'kuuma, n'kugwa lokha.

Vuto la kamtengo ka thonje lagona apa. Mutu wake umadzaza pafupifupi njira yonse, choncho phula lilibe kothawira. Lochepa limamatirira pa thonje, ndipo ndi limene mumaliona. Lambiri limakankhidwira mkati, kudutsa pamalo pamene limapangidwira, mpaka kumbali ya fupa. Zili ngati kutsindira dothi padzenje ndi mtengo: mukabwereza limalimbirako. Pakapita miyezi phulalo limauma n'kukhala chotsekera cholimba, mwina chotsamira pa mwinikhutu, ndipo khungu silingathenso kulinyamula.

Tiyerekeze bambo amene amatokosa m'khutu tsiku lililonse akasamba. Poyamba palibe chimene akumva. Kenako khutu lamanja liyamba kumveka ngati latsekeka, makamaka m'mawa. Tsiku lina madzi alowa posamba, phula lija limwa madziwo n'kufufuma, ndipo mwadzidzidzi khutulo lasiya kumva bwino, mkati mukulira. Bamboyo aganiza kuti litsiro lachuluka, ndiye atenga kamtengo kena n'kulowetsa mozama kuposa kale. Apa akuwonjezera vuto lomwe analiyambitsa yekha. Khutu liyambanso kuyabwa, chifukwa thonje lapukuta mafuta onse a pakhomo ndipo lasiya timikwingwirima pakhungu. Kuyabwako kumuchititsa kutokosanso, ndipo kutokosako kuwonjezera kuyabwa. Majeremusi akalowa m'timikwingwirima tija njira imatupa, imatulutsa madzi kapena mafinya, ndipo ululu umakula akakoka khutu kapena akadina kachichereŵechere kamene kali pakhomo pake. Chizindikiro chimenecho chikaoneka, dziwani kuti khungu la m'njiramo latenga matenda. Kwa munthu wa matenda a shuga kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, matenda otere angathe kufika pafupa, choncho asachedwe nawo.

Ngozi yaikulu ndi kuboola mwinikhutu. Kachikopa kameneka m'lifupi mwake ndi pafupifupi sentimita imodzi, koma kuchindikala kwake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Sikafuna mphamvu zambiri kuti kang'ambike. Kawirikawiri zimachitika munthu ali ndi kamtengo m'khutu, ndiye mwana n'kumugunda chigongono, kapena iyeyo n'kudzidzimuka, kuterereka kapena kutsokomola. Za kutsokomolazi musadabwe: mtsempha umene umafika pakhosi uli ndi nthambi m'njira ya khutu, n'chifukwa chake anthu ena amakhosomola akangotokosa. Pini ndi kiyi n'zoopsa koposa chifukwa sizipindika ndipo zimacheka. Ana aang'ono nawo amatengera zimene aona akulu akuchita, pamene njira yawo ndi yaifupi ndiponso yopapatiza. Nthawi zinanso thonje limasomphoka n'kutsalira mkati.

Mwinikhutu akabooka munthu amamva ululu wobaya nthawi yomweyo, ndipo nthawi zambiri umachepa pakapita kanthawi. Kuchepako kusakupusitseni. Pamatuluka timagazi kapena timadzi, khutu limamva motalikira, mumalira phokoso, ndipo ena akamina amamva mpweya ukutulukira m'khutu. Zikatero musathiremo chilichonse, kaya mafuta, kaya mankhwala odontheza amene munasunga. Musatsuke magaziwo ndi madzi. Posamba tsekani pakhomo pa khutu ndi thonje lopaka mafuta a Vaselini, musasambire, musamine mwamphamvu, ndipo pitani kuchipatala akakuoneni. Mabowo ambiri amapola okha pa milungu ingapo, kawirikawiri isanathe miyezi iwiri, ngati khutu likhala louma ndipo silinatenge matenda. Koma kuseri kwa mwinikhutu kuli timafupa titatu tonyamula mawu kupita mkati, ndipo chinthu chikalowa mwamphamvu chingathe kutigulula. Munthu akamva chizungulire chachikulu, akamasanza, akasiyiratu kumva, kapena mbali ina ya nkhope ikafooka, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga khutu tilisamalire bwanji? Kwa anthu ambiri kansalu kofewa konyowa, kokulunga pachala, n'kokwanira. Pukutani kunja ndi pakhomo, pamene chala chalekeza inunso mulekeze pomwepo.

Alipo ena amene phula limawaunjikanadi, monga okalamba, anthu a njira yopapatiza kapena ya cheya chambiri, ndi amene amavala zothandizira kumva kapena timahedifoni tolowa m'khutu nthawi yaitali. Kwa otere chofunika ndi kufewetsa phulalo. Gonani chammbali, khutu lotsekekalo liyang'ane kumwamba, donthezeranimo madontho awiri kapena atatu a mafuta a olivi osatenthetsa, ndipo khalani choncho mphindi zisanu mpaka khumi. Chitani zimenezi katatu patsiku kwa masiku atatu mpaka asanu. Poyamba khutu lingamveke lotsekeka kwambiri chifukwa phula likufewa, kenako limatuluka pang'onopang'ono, mwina usiku muli mtulo. Koma musayese njira imeneyi ngati khutu likupweteka, likutuluka mafinya, linabookapo kale kapena linachitidwapo opaleshoni.

Ngati patha milungu iwiri khutu likadali lotseka, lolani achipatala aliunike ndi kachipangizo kawo ka nyali. Iwo amachotsa phula akuona chimene akuchita, kaya potsuka ndi madzi ofunda mofanana ndi thupi, kaya poyamwa ndi makina, kaya pokokera kunja ndi kachitsulo kopangidwira ntchitoyo. Kuunikako kumathandizanso pa china: si khutu lililonse losamva bwino limene latsekeka ndi phula. Munthu amene khutu lake limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi asadikire milungu iwiriyo, chifukwa vuto likakhala la mkati mwenimweni mankhwala amathandiza bwino akayamba m'masiku oyambirira.