Nyimbo ya pa siwa izivomereka ngakhale mumdima

Anzanga a m'makwaya, mukapemphedwa kupeka nyimbo yotonthoza anamfedwa, musalembe ndime zambirimbiri. Tinachitapo zimenezi pa siwa ina kufupi ndi Ulongwe, kuno ku Angonia. Tinabwera ndi ndime 5 papepala, foni yowunikira n'kutha moto, ndipo tinatsala anthu atatu tikung'ung'udza, nyumba yonse ili zii.

Masiku ano ndimapeka mzere umodzi wovomera, waufupi, wosasintha. Wosintha mawu ndi woyambitsa yekha, akutchula ofedwa mmodzimmodzi:

Woyambitsa: Mayi a m'nyumba muno, misozi yanu taiona.
Onse: Simuli nokha, tichezera nanu.
Woyambitsa: Ana otsala inu, moto wanu sitiuzimitsa.
Onse: Simuli nokha, tichezera nanu.

Kenaka amalume, azakhali, mpaka onse atamva kuti akumbukiridwa. Amayi okhala pamphasa pafupi ndi bokosi amaugwira mzerewo msanga, abambo ali pamoto panja n'kumathira besi osafuna pepala. Kuti muyese, muimbireni munthu wapakhomo kawiri. Akalephera kuvomera kachitatu, mzerewo watalika, udulenso.

Yambirani pansi. Pofika 3 koloko m'bandakucha mawu amakhala atasasa, ndipo nyimbo yokwera imafera pakhosi.

Chimene ndimapewa kwambiri ndi kutchula matenda kapena kufunsa kuti "watilanda ndani?" Mawu otere pa siwa amadzutsa kulozana zala, ndipo wamasiye amene mumati mumutonthoze amayambanso kulira mokweza.