Vidiyo ikaimaima: vuto lili panyumba kapena kwa otumiza vidiyo?

Vidiyo imene mutamba pa intaneti imabwela m'tizigawo, ndipo TV kapena foni imasungilatu masekondi angapo a kutsogolo. Tizigawo tukacedwa kufika, zosungidwazo zimatha, cithunzi cimaima ndipo pakati pamaonekela kacizindikilo kozungulila. Kucedwako kungacokele pa Wi-Fi ya m'nyumba, kwa kampani imene imakugulitsani intaneti, kapena kwa otumiza vidiyo. Kuti mudziwe kumene kuli vuto, sinthani cinthu cimodzi cabe nthawi iliyonse, ndipo yesani pa nthawi imene vidiyo ikuvuta, osati m'mawa mwake.

Yambani mwa kutsegula pulogalamu ina ya mavidiyo pa cipangizo comweco. Ngati munali pa Netflix, pitani pa YouTube, sankhani 1080p pa Quality ndi kutamba mamineti asanu. Musasiye pa Auto, cifukwa YouTube imatsitsa yokha kuoneka bwino kwa cithunzi intaneti ikafooka, ndiye mungaganize kuti zonse zili bwino. Mapulogalamu onse awili akaimaima, vuto lili kumbali yanu.

Ndiyeno pimani liwilo la intaneti pa fast.com kapena speedtest.net; liwiloli limaŵelengedwa mu Mbps. Netflix imalangiza 3 Mbps pa 720p, 5 Mbps pa 1080p ndi 15 Mbps pa 4K. Manambala amenewa ni a cipangizo cimodzi: TV ndi mafoni awili akamatamba 1080p nthawi imodzi, pafunika 15 Mbps. Pimani kawili ndi foni imodzimodzi, coyamba mutaimilila pafupi ndi lauta, kabokosi kamene kamapeleka Wi-Fi, caciwili mutaimilila pamene pali TV.

Tiyelekeze kuti mumalipilila 10 Mbps, lauta ili kucipinda cogona ndipo TV ili pabalaza. Nthawi ya 20:00 filimu yayamba kuimaima. Pafupi ndi lauta mwapeza 9 Mbps, pa TV mwapeza 2 Mbps. Apa kampani ya intaneti ilibe mlandu, otumiza vidiyo naonso alibe. Liwilo likutayika m'zipupa za mabuloko zimene zili pakati. Lumikizani TV ku lauta ndi nthambo ya Ethernet, ndipo kuimaima kukatha mwatsimikiza kuti ni Wi-Fi. Ngati nthambo mulibe, sendezani lauta pamalo okwela ndi oonekela. Lauta yanu ikakhala ndi Wi-Fi ya mitundu iwili, 2.4 GHz ndi 5 GHz, dziwani kuti 5 GHz ili ndi liwilo koma siipyola bwino zipupa, pamene 2.4 GHz imafika patali koma imasokonezeka ndi malauta a aneba.

Bwanji ngati pafupi ndi lauta mwapezanso 2 Mbps? Cotsani mafoni ndi malaputopu onse pa Wi-Fi, pakuti foni imodzi imene ikutumiza zithunzi kapena kudaunilodi ingadye gawo lalikulu mosaonekela. Zimitsani lauta, dikilani masekondi 30, iyatseninso, ndi kupimanso. Liwilo likakhalabe lotsika, onani bando yanu: mabando ena amacepetsedwa liwilo mukapyola malile amene analembedwa m'malamulo ake. Ngati bando ili bwino koma liwilo limagwa madzulo cabe, ndiye kuti netiweki ya kampaniyo imadzaza pa nthawi imeneyo. Izi zimacitika kwambili pa malauta a simu khadi, cifukwa anthu onse a m'delalo amagawana nsanja imodzi.

Nthawi zina liwilo limakhala lokwana, YouTube iyenda bwino, koma pulogalamu imodzi ndiyo ivuta. Musathamangile kuimba mlandu eni ake. Zimitsani Wi-Fi pa foni ndi kutsegula vidiyo yomweyo ndi bando ya netiweki ina. Ngati lauta ni ya MTN, sewenzetsani Airtel kapena Zamtel, cifukwa kuyesa pa netiweki imodzimodzi sikusonyeza ciliconse. Vidiyo ikayenda bwino kumeneko, vuto lingakhale pa njila ya pakati pa kampani yanu ya intaneti ndi otumiza vidiyo, kapena mu TV momwemo. Bwezelani foni pa Wi-Fi ndi kutambanso: ikayenda, konzani TV mwa kuicotsa kumagetsi kwa mineti imodzi ndi kuika mtundu watsopano wa pulogalamuyo ngati ulipo. Koma vidiyo ikaimaima pa zipangizo ziwili ndi pa manetiweki awili, vuto lili kwa otumiza, maka-maka pa mpila wooneka pamene ukuseweledwa, anthu ambili akalowa nthawi imodzi. Kusendeza lauta kapena kugula bando ina sikungathandize pamenepo.

Mukatumila foni ofesi yothandiza makasitomala, auzeni tsiku ndi ola, dzina la cipangizo, liwilo la pafupi ndi lauta ndi la pa TV, zimene zinacitika pa netiweki yaciwili, ndi nambala iliyonse ya vuto imene inaoneka pa sikilini. Jambulani sikiliniyo nambala isanazimilike.