Momwe mungawerengere galafu ya mitengo ya chimanga yobwera ngati chithunzi, ndi nthawi yofunika tebulo

Amene ali m'magulu a WhatsApp a ogula ndi ogulitsa mbewu kuno ku Mzuzu amazidziwa zithunzi za mitengo zimene zimazungulira mwezi ndi mwezi. Zina anthu amazidula m'malipoti enieni, monga lipoti la mwezi ndi mwezi la msika wa chimanga limene bungwe lofufuza za chakudya ndi ulimi la IFPRI limatulutsa. Zina sizidziwika kumene zachokera. Munthu amangoona mzere wakwera, basi n'kuyamba kufunafuna galimoto yoti ikatenge matumba.

Galafu ya pachithunzi ndi tebulo la manambala olembedwa siziwerengedwa mofanana. Tebulo limakupatsani nambala yeniyeni. Galafu imakuonetsani kumene zinthu zikulowera, koma nambala mumachita kuiyeza ndi maso, ndipo maso amaphonya. Manambala onse ali m'munsimu ndi ongoyerekezera, si mitengo ya pamsika lero.

Choyamba, musayambe ndi mizere yamitundumitundu ili pakati. Yambani ndi mawu. Werengani mutu, chaka, ndi muyeso: kodi mtengowo ndi wa kilogalamu imodzi kapena wa thumba la makilogalamu 50? Ndi wogulira kwa mlimi kapena wogulitsira pamsika? Chaka nachonso musachilumphe. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, choncho chithunzi cha mitengo chakale chikazunguliranso lero chikhoza kukusocheretsani kwambiri. Ngati wodula chithunzi anataya mutu ndi chaka, m'pempheni chathunthu.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera, yang'anani nambala yapansi penipeni pa mzere woimirira wa kumanzere. Kodi wayambira pa 0?

Tiyerekeze kuti chithunzi chili ndi mizati iwiri. Wa Karonga wafika pa K950 pa kilogalamu, wa Mzuzu pa K1,000. Koma mzere wa kumanzere wayambira pa K900. Ndiye kuti mzati wa Karonga wajambulidwa kutalika kwa K50 yokha, wa Mzuzu kutalika kwa K100. M'maso, wa Mzuzu ukuoneka wautali kawiri, ndipo munthu wothamanga anganene kuti chimanga cha kuno chadula kawiri kuposa cha ku Karonga. Zoona zake n'zakuti kusiyana ndi K50 pa kilogalamu, pafupifupi 5 peresenti, kapena K2,500 pa thumba. Mukachotsapo mtengo wonyamulira thumba kudutsa mapiri a Chiweta, onyamula pokweza ndi potsitsa, komanso chiphaso cha msika, mwina palibe chotsala. Wojambula sanalembe bodza. Manambala ake ndi oona, koma maso athu amayerekeza kutalika kwa mizati, osati manambala a m'mbali. Mutebulo vuto limeneli mulibe: 950 ndi 1,000 zikakhala moyandikana, aliyense amaona kuti zasiyana pang'ono.

Ineyo ndimati galafu ya mizati yosayambira pa 0 ndi yofunika kuikayikira nthawi zonse. Galafu ya mzere wokwera ndi kutsika ikhoza kuyambira pena popanda cholakwika, chifukwa ntchito yake ndi kuonetsa kusintha, komabe dziwani kuti kakusintha kakang'ono kamaoneka ngati phiri.

Chachitatu, pezani kuti mpata umodzi ndi ndalama zingati. Tengani manambala awiri oyandikana pa mzere wa kumanzere, chotserani. Ngati palembedwa 900, 950, 1,000, 1,050, mpata uliwonse ndi K50. Onaninso mzere wogona wa pansi ngati miyezi yatsatana bwino. Ena amalumpha mwezi umene sanatolere mitengo, mzere n'kuoneka ngati wakwera mwadzidzidzi.

Chachinayi ndi kuyeza kwenikweniko. Kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri, foni muigoneke. Tengani kapepala kowongoka m'mbali, kagonekeni pagalasi la foni kuchokera pa kadontho kamene mukufuna mpaka pa mzere wa kumanzere, molingana ndi timizere togona ta m'galafumo. Musamadalire diso lokha, limakonda kupendekera. Tinene kuti kadontho ka Mzuzu ka mwezi wa Januwale kagwera pakati pa 1,000 ndi 1,050. Mungolemba kuti "pafupifupi K1,025". Mawu akuti pafupifupi musawasiye, chifukwa kadonthoko pakokha kakhoza kukhala konenepa ngati K10 yathunthu pa muyeso umenewu.

Tsono taonani chimene K10 ingachite. Mwapeza lipoti lenileni, ndipo tebulo likuti K1,015. Inu munayeza K1,025. Pa kilogalamu ndi K10 chabe, koma pa thumba ndi K500, ndipo pa matumba 40 ndi K20,000. Ngati mumangofuna kudziwa kuti mtengo ukukwera kapena ukutsika, galafu yakukwanirani. Ngati mukuwerengera phindu, kulemba lipoti la kopaletivu kapena kukapempha ngongole, funani tebulo.

Za mitundu ndinenepo pang'ono. Galafu ya misika isanu imakhala ndi mizere isanu, ndipo kabokosi ka m'mbali ndiko kamanena kuti mtundu uti ndi wa msika uti. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp chimapanikizidwa kuti chichepe, ndipo wina akachijambulanso pafoni yake n'kutumiza, chimafufuma. Buluu wowala ndi wobiriwira amayamba kufanana, 3 amaoneka ngati 8, 1 ngati 7. Pamene mizere iwiri yapingasana, tsatani wanu ndi nsonga ya cholembera mpaka mutuluke mbali inayo. Ngati timanambala sitikuoneka, pemphani wotumizayo atumizenso kudzera pa Document, chifukwa njira imeneyi siichepetsa chithunzi. Akakhala ndi PDF yake, ndiye bwino koposa.

Tebulo nalo lili ndi misampha yake, koma ndi yamtundu wina. Woyamba ndi kutsetsereka mzere: mwayamba pa Mzuzu kumanzere, pofika kumanja diso lagwera pa Mzimba. Kapepala komwe kaja kaikeni pansi pa mzere wanu. Wachiwiri ndi kusawerenga mitu ya pamwamba. Ndime yomaliza nthawi zambiri si mtengo ayi, koma kusintha kwa mtengo m'maperesenti, ndipo kamzere kochotsera kali kutsogolo kwa nambala katanthauza kutsika. Malo opanda kanthu kapena okhala ndi kamzere kokha atanthauza kuti mtengo sunatoleredwe, osati kuti ndi 0. Onaninso ngati nambalayo ndi ya tsiku limodzi kapena avereji ya mwezi wonse, chifukwa m'miyezi ya njala mtengo wa kumayambiriro kwa mwezi ndi wa kumapeto umatha kutalikirana.

Ubwino wa tebulo lolembedwa, osati lojambulidwa, ndi wakuti manambala ake mukhoza kuwakopera mu Excel kapena Google Sheets osalembanso pamanja. Ngati mtengo wa kilogalamu uli m'kabokosi ka B2, lembani izi kuti mupeze wa matumba 40:

```
=B2*50*40
```

Chofooka chake n'chakuti misika 20 pa miyezi 12 ndi manambala 240, ndipo simungaone msanga mwezi umene mtengo unayamba kutembenuka. Apa galafu imapambana. Choncho mukakhala nazo zonse ziwiri, pezani mweziwo pagalafu, kenako kautengereni nambala yake mutebulo. Musanakhulupirire kuti ziwirizi ndi za lipoti limodzi, yesani malo awiri: mwezi wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri. Zikasiyana kuposa theka la mpata umodzi wa pagalafu, bwererani ku mitu. Kawirikawiri mupeza kuti china ndi cha chaka china, kapena china chikunena za mtengo wa chigawo chonse cha kumpoto pamene chinacho ndi cha msika wa Mzuzu wokha.