"Malamulo a kampani salola" si yankho

Nyengo ino yogula mbewu ndakhala ndikuwerenga mayankho amene anzathu a pa desiki yothandiza makasitomala akutumiza pa foni, ndipo mawu ake ndi amodzimodzi: "Pepani, malamulo a kampani salola." Uthenga nkuthera pomwepo. Chizolowezi chimenechi chanditopetsa. Lamulo lili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho ndi chimene munthu akufuna kumva. Mukachibisa, iye amaganiza kuti mwamubera, ndiye amalembanso kachiwiri, kachitatu, kenaka nkukwera kabaza kudzakalipa pashopu. Ntchito ya uthenga umodzi yasanduka ya tsiku lonse.

Bambo wina wa ku Dowa anandionetsa foni yake. Anagula mapaketi awiri a chimanga chochedwa kucha, a makilogalamu 5 iliyonse. Mvula itachedwa, anapempha kuti amusinthire ndi chocha msanga. Paketi imodzi anali ataitsegula kale, inayo ili chimatire, lisiti lili m'thumba. Anamukanira zonse ziwiri ndi mawu aja. Woyankhayo sanafunse nkomwe ngati mapaketiwo ndi otsegula! Kukana yotsegulayo kunali koyenera, chifukwa mbewu ikatsegulidwa sitingadziwe ngati yalowa chinyontho kapena yasakanikirana ndi ina, ndipo kuigulitsa kwa mlimi wina nkumuika pachiswe. Bamboyo ndi mlimi, zimenezi akanazimva mosavuta. Koma yomatayo inalakwa chiyani? Anabzala zonse mochedwa, ali wokhumudwa, ndipo mudzi wonse unamva kuti shopu ija ndi ya akuba.

Yankho lake likanakhala lotere: "Bambo, paketi yotsegulayo sitingailandire, chifukwa sitingatsimikize kuti mbewuyo ikadali bwino kuti tigulitse kwa wina. Yomatayo mubwere nayo pamodzi ndi lisiti, tikusinthirani ndi yocha msanga, ilipo kushopu yathu ya paboma. Mitengo ikasiyana mudzangowonjezera kapena kulandira chenje. Yotsegulayo mubzale mvula ikangoyamba, mbali ya munda imene imasunga chinyontho."

Onani kuti kukana kwabwera koyambirira, osati kubisika pansi pa mapepani asanu. Munthu adziwe msanga pamene waima.

Koma chenjerani ndi njira zabodza. "Mupite kuofesi" si thandizo ngati kuofesiko akamuuzanso zomwezo. Musanalembe kuti mbewu ina ilipo, imbani kusitolo mufunse ngati ilipodi, ndipo bwana avomereze kusinthako. Kulonjeza chinthu chimene kulibe nkoipa kuposa kukana.

Zinazi mukuzidziwa kale. Funsani kaye funso limodzi kapena awiri musanayankhe. Chifukwa chikhale chiganizo chimodzi, m'chinenero chimene kasitomala walembera. Pomwe palibedi njira ina, nenani choncho, ndipo mumuuze kumene angakadandaule. Lachisanu lililonse khalani pansi ngati gulu, muwerengerane mayankho okana a sabata imeneyo, ndipo lililonse lopanda mawu akuti "chifukwa" lilembedwenso.